Kusandutsa chithunzi cha thayimutebulo kukhala tebulo laukhondo la sabata yonse

Thayimutebulo yambiri ya kusukulu imayamba moyo wake papepala la manila kapena pabolodi la m'sitafu rumu, yolembedwa pamanja. Wina amaijambula ndi foni n'kuiponya pagulu la WhatsApp, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense amadalira chithunzi chopendekeka chija, chokhala ndi chala cha wojambula pakona. Kuisandutsa tebulo labwino mu Excel kapena Google Sheets si ntchito yovuta, koma pali msampha umodzi. Tebulo lotayipidwa anthu amalikhulupirira kuposa lolembedwa pamanja, choncho mukalakwitsa kabokosi kamodzi, cholakwikacho chimavala jekete n'kumaoneka ngati lamulo. N'chifukwa chake nthawi yambiri m'malangizo ano tiithera pa kuwerenga ndi kutsimikiza, osati pa kukongoletsa.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: thayimutebulo ya Fomu 3A pasekondale ina yoyendera, ya mapiriyodi 8 patsiku, iliyonse ya mphindi 40, kuyambira 7:30 m'mawa, ndi buleki ya mphindi 20 ikatha piriyodi yachinayi. Yanu ikhala ndi nthawi zina, koma njira yake ndi yomweyi.

Yambani ndi chithunzicho

Ngati pepala lenileni mungathe kulifikira, jambulaninso nokha. Imani moyang'anizana nalo ndendende, foni ili chilili ngati pepalalo, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Mukajambulira chammbali, mizere imapendekeka, ndipo pofika kumapeto kwa tebulo zimene zili pamzere wa Lachitatu zimaoneka ngati ndi za Lachinayi. Zimitsani fulashi ngati pepalalo lili kuseri kwa galasi kapena lakutidwa ndi pulasitiki, chifukwa kuwala kumadya zilembo zapakati. Kenako jambulani zithunzi ziwiri zapafupi, theka la kumanzere ndi theka la kumanja, koma muonetsetse kuti kabokosi kamodzi kapena tiwiri tapakati tikuoneka m'zithunzi zonse ziwiri, kuti mudzadziwe polumikizira.

Ngati akujambulirani ndi wina, m'pempheni kuti potumiza pa WhatsApp asankhe Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri, ndipo zimene zimayamba kuwonongeka ndi tizilembo ting'onoting'ono ta m'timabokosi, tomwe n'timene mukufuna.

Werengani musanatayipe

Apa m'pamene anthu ambiri amathamanga. Tengani pepala ndi pensulo, tsegulani chithunzicho, ndipo muyankhe mafunso angapo kompyuta isanayatsidwe n'komwe.

Masiku ali kuti, akutsika kumanzere kapena akuyenda pamwamba? Mapiriyodi ndi angati, ndipo kodi ndi ofanana masiku onse? Sukulu zina Lachisanu amaweruka msanga, ndipo timabokosi tomaliza timangodulidwa ndi mzere. Pa chitsanzo chathu masiku 5 kuchulukitsa ndi mapiriyodi 8 zikutipatsa timabokosi 40. Lembani nambala imeneyi pambali, idzagwira ntchito kutsogoloku.

Tsopano funani malo amene wolemba uja anafupikitsa. Phunziro la mapiriyodi awiri otsatizana, lomwe aphunzitsi amangoti dabulo, kawirikawiri limalembedwa kamodzi pakati pa timabokosi tiwiri, mzere wogawa utachotsedwa, kapena limakokedwa ndi kamuvi. Pachithunzi chopendekeka mawuwo amaoneka ngati ali m'kabokosi kamodzi, ndipo kenako mumapezeka kuti mzere wa tsikulo uli ndi maphunziro 7 m'malo mwa 8, zonse zotsatira zitasunthira kumanzere. Buleki nayo imalembedwa motsika m'Chingerezi, BREAK, chilembo chimodzi patsiku: B pa Lolemba, R pa Lachiwiri, mpaka K pa Lachisanu. Zilembo zimenezo si maphunziro. Zimamveka zoseketsa, koma mapulogalamu owerenga zithunzi amazitenga ngati maphunziro ndithu.

Palinso zokonzedwa ndi bolopeni: dzina lofufutidwa, lina pamwamba pake, nthawi zina kamuvi kosonyeza kuti maphunziro awiri asinthana malo. Chilichonse chotere chilembeni pamndandanda wa zokayikitsa, motchula tsiku ndi piriyodi. Musalote. Amene anakonza thayimutebuloyo, yemwe nthawi zambiri amakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu kapena mmodzi wa akuluakulu a madipatimenti, angakuuzeni m'mphindi imodzi zomwe inu mungazisinkhesinkhe madzulo onse.

Pomaliza lembani zidule zonse zimene zikupezeka, ndi kuchuluka kwa mapiriyodi amene phunziro lililonse liyenera kukhala nawo pasabata. Manambalawa musawawerenge pachithunzipo, chifukwa ndiye kuti mukhala mukuyesa chithunzi ndi chithunzi chomwecho. Afunseni ku ofesi, kapena kwa aphunzitsi a maphunzirowo. Palibe mphunzitsi amene sadziwa katundu wake. Tinene kuti Fomu 3A yathu ili motere: ENG 6, MAT 6, CHI 5, BIO 4, PHY 4, CHE 4, AGR 4, HIS 3, GEO/BK 3, ndi asembule imodzi Lolemba m'mawa, yomwe tiipatsa chidule cha ASM. Mukaphatikiza zikukwana 40. Zikapanda kukwana pano, vutolo si lanu, lili pa thayimutebulo yeniyeniyo, ndipo ndi bwino kuti lidziwike musanapitirire.

Mangani chigoba

Tsegulani tsamba latsopano. Mzere 1 ukhale wa mutu: kalasi, teremu ndi chaka. Mu A2 lembani Piriyodi, mu A3 Nthawi, ndipo kuyambira A4 mpaka A8 masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Muwatayipe onse pamanja, popeza Excel sadziwa kupitiriza masiku a Chichewa mukakoka kabokosi monga amachitira ndi a Chingerezi. Mizati B, C, D ndi E ndi ya mapiriyodi 1 mpaka 4, F ndi wa buleki, ndipo G mpaka J ndi ya mapiriyodi 5 mpaka 8.

Musanalembe nthawi, sankhani mzere 3 wonse muuuze kuti zolembedwamo ndi mawu chabe. Mu Excel dinani Ctrl+1, musankhe Text. Mu Google Sheets pitani pa Format, Number, Plain text. Chifukwa chake n'chakuti ambirife timalemba nthawi ndi kadontho, ndipo kompyuta ikaona 8.10 imaganiza kuti ndi nambala n'kuidula kukhala 8.1, pomwe 7.30 imasanduka 7.3. Mukalemba 1-2 kapena 3/4 kutanthauza mapiriyodi, imakusandutsirani deti. Mukaiwala kusintha mzerewo, yambani ndi kachizindikiro ka ' kutsogolo kwa zomwe mukulembazo, ndipo zidzakhala monga mwazitayipira.

Nthawi zathu zikhala 7:30-8:10, 8:10-8:50, 8:50-9:30, 9:30-10:10, kenako buleki 10:10-10:30, n'kupitiriza 10:30-11:10, 11:10-11:50, 11:50-12:30 ndi 12:30-13:10. Onani kuti pomwe ina ikuthera m'pomwe inzake ikuyambira. Pakakhala mpata kapena kulowana, ndiye kuti mwina mwawerenga molakwika 1 ndi 7, kapena 0 ndi 6, zomwe pamanja zimafanana. Mu F4 mpaka F8 lembani BULEKI m'kabokosi kalikonse.

Ngati chithunzi chanu chili ndi masiku pamwamba pomwe inu mukuwafuna kumanzere, musadzizunze ndi kutembenuza m'mutu. Tayipani monga zilili pachithunzipo, kuti diso lizitsata mzere womwewo. Mukamaliza, koperani tebulo lonse, n'kugwiritsa ntchito Paste Special, Transpose pamalo ena.

Pansi pake pangani katebulo ka zidule. Mu mzere 11 ikani mitu inayi: Chidule, Phunziro, Zoyenera, Zopezeka. Kuyambira A12 mpaka A21 lembani zidule khumi zija, mu B maina ake onse, mu C manambala amene munapatsidwa. D muisiye kaye.

Kenako sankhani B4 mpaka E8 ndi G4 mpaka J8, pitani pa Data, Data Validation, pa Allow musankhe List, ndipo pa Source mulembe izi:

```
=$A$12:$A$21
```

Mu Google Sheets ndi Data, Data validation, kenako Dropdown (from a range). Kuyambira pano timabokosito tizikana chilichonse chomwe sichili pamndandanda. Ena amadumpha sitepe iyi poganiza kuti timabokosi 40 n'tochepa. Ine ndimaona kuti ndi yofunika, chifukwa dzanja likatopa limalemba MAT pena, MATH pena, MATHS penanso, ndipo kwa kompyuta amenewo ndi maphunziro atatu.

Kutayipa

Ikani chithunzi kumanzere kwa sikirini ndi tebulo kumanja. Ngati muli ndi foni yokha, chithunzicho chikhale pafoni ya mnzanu, kapena muyambe mwakopera papepala. Kusinthasintha pakati pa mapulogalamu awiri pa kasikirini kamodzi ndiko kumasokoneza mizere. Tayipani tsiku limodzi lonse, kuchokera kumanzere, mukudina Tab kuti mupite kutsogolo. Mukafika pa J muyenera kukhala mutamalizanso mzere wapachithunzi. Mukatsala ndi kabokosi kopanda kanthu, pali dabulo imene mwaiwerenga ngati piriyodi imodzi.

Dabulo muilembe kawiri. Ngati Kemisitiri ali piriyodi 5 ndi 6 Lachiwiri, CHE alowe mu G5 komanso mu H5. Musagwiritse ntchito Merge & Center, ngakhale kuti imafanana kwambiri ndi mmene zilili pachithunzi. Timabokosi tikaphatikizidwa, Excel amasunga mawu m'koyamba kokha, kachiwiri n'kukhala kopanda kanthu, choncho powerengera dabuloyo imawerengedwa kamodzi. Komanso tsiku limene adzasunthe piriyodi imodzi, kuphatikizako kudzakuvutitsani. Ngati mukufuna kuti dabulo izioneka, chotsani mzere wapakati pa timabokosi tiwirito kumapeto, mawu akhalebe kawiri.

Pamene kalasi imagawikana, ena kupita ku Jogalafe ena ku Baibulo nthawi imodzi, lembani GEO/BK m'kabokosi kamodzi, monga tinaiikira kale pamndandanda ngati chidule pachokha. Maina a aphunzitsi ndi bwino akhale mu katebulo ka zidule, mu mzati E, osati m'timabokosi ta sabata. Mphunzitsi akasamutsidwa mudzasintha malo amodzi okha. Malo onse okayikitsa aja, ikanimo chimene mukuganiza kuti n'choona koma mupake kabokosiko mtundu wachikasu mpaka mutafunsa.

Mwina mukufunsa ngati kompyuta singawerenge yokha chithunzicho. Excel wa Microsoft 365 ali ndi Data, From Picture, ndipo wa pafoni ali ndi Data from Picture pansi pa Insert. Pa thayimutebulo imene inatayipidwa kale n'kupulintidwa, yojambulidwa mowongoka, imathandiza ndithu, ngakhale mudzakonzabe madabulo ndi buleki. Pa zolemba pamanja, makamaka za choko, zokonza zimachuluka kuposa kutayipa timabokosi 40 nokha. Google Lens amakopera mawu bwino koma sasunga mizati, zonse zimabwera mumndandanda umodzi. Mulimonse mmene mwalowetsera, sitepe yotsatirayi ndi yosadumphika, makamakanso chifukwa zinthu zomata zimalowa osayang'anidwa ndi Data Validation ija.

Kutsimikiza

Mu D12 lembani fomula iyi, n'kuikokera pansi mpaka D21:

```
=COUNTIF($B$4:$J$8,A12)
```

Ikuwerenga kuti chidule cha mu A12 chikupezeka kangati m'tebulo lonse. Zizindikiro za $ zikugwira malire a tebulo kuti asasunthe pamene mukukoka. Excel akaikana fomulayi, yesani kuika chizindikiro cha ; pamalo pa koma, popeza makompyuta ena amatcheredwa motero. M'timabokosi tiwiri tapadera ikaninso izi:

```
=SUM(D12:D21)
=COUNTBLANK(B4:J8)
```

Yoyamba iyenera kupereka 40, yachiwiri 0.

Tsopano tione zimene zingatuluke pa Fomu 3A yathu. Tinene kuti SUM yapereka 39 pomwe COUNTBLANK yapereka 0. Ndiye kuti timabokosi tonse tili ndi kanthu, koma kamodzi kali ndi mawu amene sali pamndandanda. Mukayang'ana mu D mukupeza MAT ili 5 m'malo mwa 6, chonsecho ndi maso mukuwerenga ma MAT 6. Kawirikawiri wolakwa amakhala kampata kosaoneka kumapeto kwa mawu, komwe kamalowa pomata zochokera kwina kapena potayipa pafoni, pomwe kiyibodi imaika kampata yokha mukasankha mawu. Dinani kabokosi ka MAT kalikonse, muone pomwe kamzere kolembera kakuima. Kapena ingosankhaninso MAT pamndandanda wotsika uja m'timabokosi tonse 6. COUNTBLANK ikanapereka 1, tikanadziwa kuti ndi dabulo yolembedwa kamodzi.

Mwakonza, SUM yafika 40. Musasangalale msanga, yerekezani C ndi D mzere ndi mzere. Mukupeza kuti CHI ili 4 m'malo mwa 5, ndipo CHE ili 5 m'malo mwa 4. Phunziro lina likaperewera ndi piriyodi imodzi, lina n'kupitirira ndi imodzinso, ndiye kuti kabokosi kamodzi kawerengedwa molakwika, ndipo pano chifukwa chake n'choonekeratu: CHI ndi CHE zimasiyana chilembo chimodzi, ndipo I wolembedwa ndi timizere pamwamba ndi pansi amafanana ndi E pachithunzi chosaoneka bwino. Funso ndi lakuti, mwa ma CHE asanu, wabodza ndi uti? Yang'anani mmene akhalira. Awiri ali pamodzi Lachiwiri, awiri ali pamodzi Lachisanu, monga mmene maphunziro a sayansi amakonda kuikidwira kuti pakhale nthawi ya kulabu. Mmodzi ali yekha Lachinayi piriyodi 3, mu D7, ndipo Lachinayi ndi tsiku lokhalo lopanda Chichewa. Woyamba kumukayikira ndi ameneyo. Tsegulani chithunzi chapafupi chija, kulitsani pamenepo, ndipo ngati sizikuonekabe, funsani mphunzitsi wa Chichewa ngati amalowa mu 3A Lachinayi isanakwane 9 koloko. Zidule zina zoyenera kuzisamala chimodzimodzi ndi PHY ndi PE, kapena BIO ndi BK zikalembedwa mothamanga.

Kuwerengeraku kuli ndi malire ake. Kumakuuzani kuti phunziro lapezeka kangati, sikukuuzani ngati lili pamalo pake. Mukasinthanitsa ENG ndi MAT Lachitatu, manambala onse adzagwirizanabe bwinobwino. Mankhwala ake ndi munthu wachiwiri. Iye agwire chithunzi, inu muziwerenga tebulo mokweza, koma ulendo uno motsika: piriyodi 1 masiku onse asanu, kenako piriyodi 2. Munatayipa mopingasa, choncho kuwerenga motsika kumalepheretsa diso kubwereza cholakwika chomwe chija.

Ngati mukukonza makalasi angapo, kalasi iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndipo chigoba chikhale chimodzimodzi, kuti D7 azitanthauza Lachinayi piriyodi 3 paliponse. Zikatero kuona ngati mphunzitsi wa Kemisitiri waikidwa mu 3A ndi 3B nthawi imodzi kumangokhala kuyerekeza kabokosi komweko m'masamba awiri. Mukapeza kugundana, musakukonze nokha. Ntchito yanu ndi kukopera. Kusuntha piriyodi ndi kwa eni ake.

Ikakhala ndandanda wa madyute

Njira ndi yomweyi, kungoti ndandanda wa madyute nthawi zambiri sukhala tebulo n'komwe. Umalembedwa ngati mndandanda: Lolemba, kusesa m'kalasi akutiakuti, kutunga madzi akutiakuti. Inu ndi amene mupange mizati, ntchito iliyonse mzati wake, masiku kumanzere. Samalani ndi timizere tiwiri tija, kapena -do-, totanthauza kuti n'chimodzimodzi ndi pamwambapa. M'tebulo lanu lembani dzina lonse. Pakakhala ophunzira awiri a dzina limodzi onjezani chilembo choyamba cha dzina la bambo. Ngati kabokosi kamodzi kali ndi maina angapo, fomula ija ikufunika tinyenyezi kuti ipeze dzina pakati pa ena:

```
=COUNTIF($B$4:$F$8,"*"&A12&"*")
```

Dziwani kuti ikamafuna dzina lalifupi idzawerenganso dzina lalitali lomwe lili ndi zilembo zomwezo m'kati, monga Chiko mu Chikondi. Kuwerengera kumeneku kumaulula msanga mwana amene waikidwa katatu pomwe mnzake sakupezeka paliponse.

Madyute a aphunzitsi amayenda ndi masabata, choncho mumakhala madeti. Lembani mwezi ndi mawu, ngati 3 Epulo, osati 03/04, chifukwa kompyuta yotcheredwa mwa ku Amerika idzawerenga kuti ndi 4 Malichi. Ngati pachithunzi pali manambala a foni a aphunzitsi, musawaike m'tebulo lopita kwa makolo kapena ophunzira.

Kulikonza kuti lituluke

Kukongoletsa ndi kwa mphindi zochepa. Sankhani A2 mpaka J8, ikani All Borders, mawu akhale pakati, masiku ndi nthawi zikhale zakuda kwambiri. Mizati B mpaka J muisankhe pamodzi n'kukoka umodzi, yonse idzafanana kukula. Kenako muchepetse F. Chotsani chikasu chonse, ndipo ngati kabokosi kena sikanatsimikizidwe, tebulolo lisatuluke. Mitundu yambiri isiyeni, popeza pa fotokope yonse imasanduka phulusa n'kuphimba zilembo. Kudetsa pang'ono mzati wa buleki n'kokwanira.

Pa Page Layout sankhani Orientation kukhala Landscape ndi Size kukhala A4. Sankhani A1 mpaka J8, dinani Print Area, Set Print Area, kuti katebulo kowerengera kasatuluke nawo. Populinta sankhani Fit Sheet on One Page, apo ayi piriyodi 8 idzapezeka yokha patsamba lachiwiri. Pamutu onjezani deti limene thayimutebuloyi ikuyamba kugwira ntchito, chifukwa imasinthidwa kangapo m'masabata oyamba a teremu, ndipo popanda deti anthu amakangana aliyense atagwira yake.

Pagulu tumizani PDF, kudzera pa Save As mu Excel kapena File, Download mu Google Sheets, kuti mizere isasokonekere pafoni za anthu. Fayilo ya Excel isungeni nokha pamodzi ndi chithunzi choyambirira. Akadzasintha piriyodi, mudzasintha kabokosi kokhudzidwako, kuonanso ngati C ndi D zikugwirizana, kusintha deti, n'kutulutsa PDF ina.